Sosi ya kambuzi yopangira ku Leicester: chakale chikhale pati, chamakono chikhale pati?

Funso: «Ine ndi banja langa timakhala ku Leicester, ku Mangalande, ndipo timapanga sosi ya tsabola wa kambuzi motsatira mmene mayi anga ankakonzera ku Dedza. Amalawi anzathu amagula ku tchalitchi ndi pa WhatsApp, koma tsopano tikufuna kulowa m'mashopu. Bambo a kunyumba akufuna kuti pabotolo pakhale mbendera, mapu a Malawi ndi chithunzi cha nyanja, pamene ana athu akuti zimenezo ndi zachikale, tiike lebulo yakuda ndi dzina lachingerezi. Kodi titsate ziti?»

Yankho: Amayi, musatenge theka la maganizo a bambo n'kuphatikiza ndi theka la maganizo a ana, chifukwa lebulo yopangidwa pofuna kuti aliyense m'nyumba asakhumudwe kawirikawiri siikopa wogula aliyense. Chimene ndikulangizani ndi kugawa ntchito. Zokumbutsa kumudzi zikhale mu kakomedwe ka sosi, m'dzina lake, ndiponso mu mfundo imodzi yoona ya banja lanu. Zamakono zikhale mu kaonekedwe: botolo laukhondo, zilembo zowerengeka mosavuta, mitundu yochepa, ndi mawu ofotokoza bwino chimene chili mkati. Munthu wopukwa kumudzi safuna kuuzidwa kumene Malawi ali, amafuna mawu amodzi oti akawaona mtima ugunde. Mlendo amene sanamvepo za kambuzi safuna dzina lachingerezi, amafuna kudziwa m'masekondi ochepa kuti ichi n'chiyani, chimawawa motani, ndipo adyera chiyani.

Ndiyambe ndi zamkati mwa botolo, pakuti ndi mmene mabanja ambiri amataya ogula awo oyamba asanazindikire. Kambuzi ndi wa m'banja limodzi ndi tsabola wa ku Caribbean wotchedwa scotch bonnet, amene amapezeka mosavuta m'mashopu a zakudya za ku Afirika kumeneko, ndipo chiyeso chosinthanitsa awiriwa chimakula maoda akachuluka. Koma Mmalawi amazindikira kambuzi ndi mphuno asanalawe n'komwe, chifukwa cha kafungo kake kamene kamadzaza nyumba mukangomudula pakati. Ngati lebulo ikunena kambuzi koma fungo likunena zina, wogulayo sadzakudandaulirani, adzangosiya kugula, ndipo adzauza anzake pa gulu la WhatsApp lomwe lija limene linakubweretserani malonda. Choncho musanalipire wojambula lebulo, tsimikizani kumene kambuzi wanu azichokera chaka chonse, kaya wolimidwa m'nyumba za pulasitiki kumeneko m'miyezi yofunda n'kusungidwa mufiriji yowumitsa, kaya woitanitsidwa kuchokera kumudzi ndi zikalata zake. Mukasakaniza ndi tsabola wina, nenani poyera. Lamulo la kumeneko limafunanso kuti chinthu chimene mwachitchula m'dzina la chakudya kapena kuchijambula pa lebulo muonetse kuchuluka kwake mwa peresenti pamndandanda wa zosakaniza, ndiye nambala ya kambuziyo idzaoneka ndithu, ndipo ndi bwino kuti ikhale nambala yoti simungachite nayo manyazi.

Pali kusintha kwina kumene simungakuthawe. Sosi ya amayi anu inkakonzedwa kuti idyedwe m'masiku ochepa, pamene ya m'shopu imakhala miyezi pashelefu. Tsabola, adyo ndi anyezi zikamizidwa m'mafuta n'kutsekeredwa m'botolo lopanda mpweya, kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum kakhoza kukula n'kutulutsa poizoni wakupha, ndipo sosiyo siisintha fungo kapena maonekedwe kuti ikuchenjezeni. Kachilomboka sikakula m'chakudya chimene pH yake, muyeso umene umatsika asidi akachuluka, ili pansi pa 4.6, n'chifukwa chake opanga sosi ambiri amalunjika pa 4.0 kapena kutsikirapo kuti akhale ndi mpata. Njira yachidule ndi kuthira viniga wambiri, koma viniga akachuluka amaphimba fungo la kambuzi, sosi n'kumakoma ngati ina iliyonse ya m'shopu. Yesani kugawa asidiyo pakati pa madzi a mandimu ndi viniga wochepa, muziyeza mphika uliwonse ndi kachipangizo koyezera pH n'kulemba m'buku, ndipo zitsanzo zipite ku labotale kuti akuuzeni nthawi imene sosi ingakhale. Pomaliza muitane amayi achikulire amene anakulira kumudzi alawe yakale ndi yatsopano osawauza kuti iyi ndi iti. Ukali wake musauchepetse pofuna kusangalatsa alendo. Ngati mukufuna ofooka lilime, apangireni botolo lachiwiri losawawa kwambiri, loyambalo likhale mmene lilili.

Tsopano dzina, pamene ana anu akulakwitsa. Dzina lachingerezi lidzakuikani pashelefu imodzi ndi masosi ambirimbiri a tsabola amene ali ndi ndalama zotsatsira malonda zoposa zanu, ndipo mudzakhala mutataya chinthu chokhacho chimene iwo alibe. Dzina likhale la kwathu, koma lisankhidwe ndi makutu awiri. Likhale lalifupi, la maphatikizo awiri kapena atatu, loti mwini shopu wa ku Nigeria kapena Mngelezi angathe kulitchula pafoni poitanitsa katoni ina, ndiponso loti munthu angalilembe pa Google atangolimva kamodzi. Maina oyamba ndi ng', psy kapena mphw ndi okoma kwa ife koma amachititsa mlendo mantha kufunsa, ndipo munthu amene akuopa kutchula chinthu nthawi zambiri amangochisiya. Mawu oti kambuzi paokha sangakhale dzina lanu, chifukwa ndi dzina la tsabolayo ndipo aliyense womugulitsa ali ndi ufulu wolitchula. Ofesi yolembetsa maina a malonda ya Intellectual Property Office imakana mawu ongofotokoza katundu, ndipo ngakhale atadutsa, simungaletse banja lina ku Manchester kulemba kambuzi pabotolo lawo. Mawu monga kwathu, kumudzi ndi gogo nawonso ndi amene amayamba kubwera m'mutu mwa Mmalawi aliyense woyambitsa bizinesi kunja, choncho ndi ovuta kuwateteza.

Chimene ndi chanu chenicheni ndi dzina la banja, la mudzi, kapena mmene anthu ankaitanira amayi anu mwa mfunda wawo. Tiyerekeze kuti ankawaitana kuti Nambewe. Dzina lotere likaoneka pashelefu ku Leicester, Mmalawi amadziwa nthawi yomweyo kuti kuseri kwake kuli mayi wa kwathu, pamene kwa mlendo ndi dzina chabe lomveka bwino, losavuta kulitchula. Banja la Pathak linachita chonchi. Linachoka ku Kenya kupita ku London m'zaka za m'ma 1950, linayamba kukonza masamosa ndi zakudya zotsekemera m'khitchini ya nyumba yawo n'kumagulitsa kwa Amwenye anzawo opukwa kwawo, ndipo pamalonda linangochotsa chilembo chimodzi padzina lawo n'kukhala Patak's kuti Angelezi azilitchula mosavuta. Dzinalo linakula mpaka kampani ya Associated British Foods inagula bizinesiyo mu 2007. Sanataye dzina lawo kuti alandiridwe, anangolisalaza pang'ono. Mukasankha lanu, lifufuzeni kaye m'kaundula wa ofesi ija, m'gulu 30 mmene mumalembetsedwa masosi, musanasindikize lebulo ngakhale imodzi. Likalembetsedwa limatetezedwa zaka 10 ndipo mukhoza kumawonjezera.

Nawonso bambo akulakwitsa pa mbendera ndi mapu, ngakhale chikondi chawo pa dziko lathu ndikuchimvetsa. Vuto loyamba ndi la malamulo. Chizindikiro cha malonda chokhala ndi mbendera ya dziko kawirikawiri chimakanidwa polembetsa, ndipo ku Malawi kulinso lamulo loteteza mbendera ndi zizindikiro za boma. Chachiwiri, mbendera ndi mapu pabotolo zimauza wogula kuti sosi yapangidwa ku Malawi, pamene inu mukuphikira ku Leicester, ndipo malamulo a kumeneko salola lebulo kusocheretsa munthu pa za kumene chakudya chachokera. Mudzafunika kulemba moonekera kumene yapangidwira, ndipo ngati tsabola, amene ndiye chosakaniza chachikulu, wachokera dziko lina, zimenezo nazo zidziwike. Koma vuto lalikulu ndi la malonda enieni. Botolo lodzaza mbendera, nyanja, mlambe ndi dzuwa lolowa limaoneka ngati mphatso yogulidwa pabwalo la ndege, ndipo mphatso yotere munthu amagula kamodzi n'kuiika pakabati. Inu mukufuna botolo loti lizitha, lizikhala patebulo pambali pa nsima ndi usipa, likatha munthu abwererenso.

Pa zithunzi za kwathu pali misampha ina imene wojambula wa kumeneko sangaidziwe, ndiye udindo wochenjeza ndi wanu. Tambala wakuda angaoneke wokongola pa sosi yodyera nkhuku, koma Mmalawi aliyense amaona chipani, ndipo ogula anu ndi a zipani zonse. Chigoba cha Gule Wamkulu sichoyenera pachakudya, chifukwa eni mwambowo adzaona kuti mwanyoza, pamene ambiri a ku tchalitchi amene amakugulani tsopano sadzafuna kuchiika patebulo pawo. Maluwa a chitenje nawo ali ndi eni ake amene anawajambula, choncho musangojambula nsalu ya m'sutikesi n'kuisindikiza. Ngati mukufuna kamzere ka maluwa otere m'mphepete mwa lebulo, wojambula wanu apange akeake.

Onani mmene sosi ya Nali, imene yakhala ikupangidwa ku Malawi kuyambira m'zaka za m'ma 1970, imakumbukiridwira. Funsani Mmalawi aliyense wokhala kunja chimene chinalembedwa pabotolo lake, adzakuyankhani akumwetulira kuti «Abale samalani». Mawu awiri okha, amene ndi chenjezo lenileni la ukali wa tsabola, koma olankhulidwa mmene timalankhulirana, ndipo agwira ntchito imene mbendera sikanagwira. Mawuwo ndi a eni ake, musawatenge, ndipo musatengerenso mitundu kapena kapangidwe ka botolo lawo, chifukwa mudzangooneka ngati Nali wachinyengo. Phunziro lake ndi loti mufunefune mawu anu. Kumbukirani zimene amayi anu ankanena akamaika kambale ka tsabola pamphasa. Mwina ankati «pang'onopang'ono, alendo», mwina ankanena zina. Mawu amenewo, olembedwa m'Chichewa popanda kuwamasulira kutsogolo kwa botolo, ndiwo gawo la wopukwa kumudzi, ndipo mlendo wachidwi adzapeza tanthauzo lake kumbuyo.

Tiyeni tiyale lebuloyo pa botolo la mamililita 150, limene ndi lofala kwa opanga sosi ang'onoang'ono. Mbali imene imaoneka botolo likaima pashelefu ndi yopapatiza, pafupifupi zala zitatu, ndipo ikhoza kunyamula zinthu zisanu zokha popanda kupanikizana. Pamwamba pakhale dzina, m'zilembo zazikulu koposa. Pansi pake pakhale mzere wachingerezi wonena mosabisa kuti iyi ndi sosi ya tsabola wa kambuzi yokonzedwa mwa Chimalawi, ndipo mzere umenewu ndiwo umagwiranso ntchito ya dzina lofotokoza chakudya limene lamulo limafuna, popeza dzina la malonda palokha silikwanira. Pakati pakhale chithunzi chimodzi, ndipo ine ndingasankhe kambuzi yemweyo, wozungulira, wojambulidwa ndi dzanja, chifukwa Mmalawi amamuzindikira patali ndipo mlendo amaona kuti si tsabola wautali wofiira amene anazolowera. Pansi penipeni pakhale mawu a amayi anu aja, ndi kachizindikiro koonetsa ukali. Lebulo isakute botolo lonse, musiye galasi lioneke, popeza mtundu wa sosi ya kambuzi, wa pakati pa chikasu ndi kufiira, ndi wosiyana ndi masosi ofiira oyandikana nawo ndipo ndi wokopa kuposa utoto uliwonse umene mungasindikize. Apa ana anu akhoza kupeza chimene akufuna: mitundu iwiri yokha, mpata wopanda kanthu, zilembo zoyera bwino. Koma lebulo yakuda bii ndi imene opanga sosi ambiri atsopano amathamangira, ndiye simudzasiyana nawo.

Kumbuyo kuli mwini wake woyamba, amene ndi lamulo, ndipo nkhani ya banja imalowa m'malo otsala. Pafunika mndandanda wa zosakaniza kuyambira cholemera kwambiri kutsikira pansi, kuchuluka kwa sosi, tsiku limene iyenera kukhala itadyedwa, kasungidwe kake isanatsegulidwe ndi itatsegulidwa, komanso dzina ndi adiresi ya bizinesi yanu. Pali mitundu 14 ya zakudya zimene zimawenga anthu ena, ndipo iliyonse imene ili mu sosi yanu iyenera kuonekera mwapadera pamndandandawo, kawirikawiri ndi zilembo zonenepa. Kwa inu zoyenera kusamala ndi mtedza, chitowe, soya, nsomba ngati mumathira usipa wosinja, ndi barele ngati viniga wanu ndi wopangidwa ku chimera chake. Zilembo zing'onozing'ono za mawu okakamizidwawa zisachepere mamilimita 1.2 kutalika, kupatula pa zotengera zazing'ono kwambiri pamene 0.9 imaloledwa. Mukayala zonsezi mudzaona kuti nkhani ya banja yatsalira malo a ziganizo ziwiri kapena zitatu, ndipo zimenezo n'zokwanira. Ngati simunalembetse khitchini yanu kukhonsolo ngati malo okonzera chakudya chogulitsa, chitani zimenezo tsopano. N'kwaulere, lamulo limati zichitike masiku 28 musanayambe, ndipo mwini shopu wanzeru adzakufunsani za izi asanalandire katoni yoyamba.

Ziganizo zitatuzo zikhale zoona ndiponso zoloza malo enieni. Kulemba kuti iyi ndi sosi yochokera mu mtima wofunda wa Afirika sikuuza munthu kanthu, chifukwa mawuwo ali kale pa chikwangwani chilichonse chokopa alendo. Kulemba kuti amayi anu ankasinja kambuzi m'kamtondo ku Dedza, ndi adyo ndi mandimu, ndipo inu mumakonza chimodzimodzi ku Leicester, kumapatsa wogula chinthu choti achione m'maganizo. Chonde musakometsere. Levi Roots, wobadwira ku Jamaica, anatchuka mu 2007 pa pulogalamu ya pa wailesi ya kanema ya Dragons' Den ndi sosi yake ya Reggae Reggae, imene inkatsatsidwa kuti ndi yochokera ku chinsinsi cha agogo ake. Mu 2011 munthu wina amene anagwirapo naye ntchito anamusumira ponena kuti kakonzedweko ndi kake. Levi Roots anapambana mlanduwo, koma m'khoti anavomera kuti nkhani ya agogoyo sinali yoona. Iye anali atakula kale moti bizinesi inapirira. Inu ogula anu amadziwana, ena ndi a ku Dedza konko, ndipo bodza laling'ono lidzafika kumudzi sabata isanathe. Pachifukwa chomwecho, kambiranani ndi abale anu musanaike dzina kapena chithunzi cha amayi pabotolo, makamaka ngati anatisiya, pakuti mayi ndi wa ana onse, ndipo mkangano wotere ndi wosavuta kuuthetsa malonda asanakule.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamasonyeza bwino kusiyana kwa ogula anu awiri. Sosi ya kambuzi ikakhala masiku angapo, mafuta amayandama pamwamba. Mmalawi akaona mzere wa mafutawo amakondwa, chifukwa ndi mmene ya kunyumba imaonekera, koma mlendo amaganiza kuti yawonongeka n'kubwezera botolo pashelefu. Simukufunika kuthira zolimbitsa kuti sosi ikhale yosalala ngati ya kufakitale. Chiganizo chimodzi pakhosi pa botolo, chonena kuti kulekana kwa mafutaku n'kwachibadwa ndipo akhutchumule asanathire, chimathetsa nkhawayo. Mafuta omwewo amatsetserekera pa lebulo botolo likayamba kugwiritsidwa ntchito, ndipo likamatuluka mufiriji limachita thukuta, choncho lebulo ya pepala lofiirira, imene imaoneka yachikale mokongola ili yatsopano, imadetsedwa ndi kumatuka msanga. Sankhani ya pulasitiki yosanyezimira.

Musasindikize malebulo zikwizikwi mkangano wa m'nyumba usanayesedwe pamsika. Osindikiza ambiri amalola maoda ang'onoang'ono, ndiye pangani mitundu iwiri kapena itatu, mabotolo makumi angapo pa mtundu uliwonse, sosi ndi mtengo zikhale zofanana. Mupite nawo kumalo awiri osiyana: kumene kwasonkhana Amalawi, monga pachikondwerero cha pa 6 Julaye, ndi kumsika wa kumapeto kwa sabata kumene ambiri sadziwa Malawi. Musafunse anthu kuti lebulo yokongola ndi iti, chifukwa anzanu adzayankha mokusangalatsani. Imani chapatali muone manja awo. Ngati alendo akunyamula botolo, kulitembenuza uku ndi uku, kenako n'kukufunsani kuti ichi n'chiyani, ndiye kuti mzere wofotokoza uja ndi waung'ono kapena wosamveka. Ngati Amalawi akudutsa osaima mpaka mutawaitana, ndiye kuti zamakono zameza za kwathu, ndipo dzina kapena chithunzi cha kambuzi chikule. Jambulaninso botololo ndi foni n'kuliona pa kachithunzi kakang'ono ka pa WhatsApp, popeza ogula anu ambiri amayamba kulionera pamenepo, ndipo dzina likapanda kuwerengeka pamenepo zilembo zisinthidwe.

Umboni weniweni umabwera patapita miyezi iwiri kapena itatu, pamene mabotolo oyamba atha. Lembani m'buku amene wagula ndi mtundu wa lebulo imene anatenga, kenako muwerenge obwereranso. Mukaona kuti ambiri anagula kamodzi, kapena akunena kuti anagulira mnzawo ngati mphatso, lebulo yanu ikugulitsa chikumbutso, ndipo pamenepo muchepetse zokongoletsa ndi kuwonjezera mawu osonyeza zodyera, monga nyama yowotcha, tchipisi, mazira ndi nsomba. Mukaona kuti akubwerera koma akudandaula mtengo, ganizirani botolo lalikulu la banja logulitsa kwa Amalawi mwachindunji, laling'ono lija likhale la m'mashopu, chifukwa nyumba imene imadya tsabola tsiku ndi tsiku siichedwa kumaliza mamililita 150. Powerengera mtengo wa laling'onolo muikemo kale gawo la mwini shopu, limene limadya mbali yaikulu ya mtengo wa pashelefu, kuti musadzakakamizike kukweza mtengo kwa anthu a ku tchalitchi amene anakuyambitsani pa tsiku limene shopu yoyamba yavomera.